Kandulo yanga anaizimitsa, ndipo ndikubwererakonso ku ubatizo: ndithandizeni

Nachisale: Moni nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira Lamulungu. Mlamu wanga amapemphera ku tchalitchi cha Othodokisi, ndipo mwana wake abatizidwa mwezi wamawa. Ndinati ndikaone kaye kuti patsikulo ndisakachite zachilendo. Polowa ndinaona anthu akutenga makandulo oonda achikasu, akuyatsa n'kuwazika mumchenga. Inenso ndinatenga imodzi, ndinaiyatsa ndikupempherera mayi anga amene akudwala. Pasanathe mphindi 15, mayi wina wachikulire anabwera n'kuizula pamodzi ndi ena, n'kuizimitsa. Inali isanafike n'pakati pomwe. Mtima unandiwawa kwambiri. Kodi anaona kuti sindine wa mpingo wawo? Kenaka wansembe anabwera ndi chofukizira n'kundiloza nacho, utsi wonse kwa ine, ndipo sindinadziwe chochita. Zithunzi zija anthu amapsompsona ndinangozidutsa. Kodi ndinalakwa pati?

Mayi a Tadala: Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Koma za kandulozo mtima ukhale pansi, chifukwa ntchito imene anagwira mayi aja ndi yomwe ine ndimagwira kwathu, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Sitiyang'ana kuti kandulo wayatsa ndani, ndipo nthawi zambiri sitidziwa n'komwe. Makandulo aja ndi a phula la njuchi, ndipo ndi oonda. Akachuluka pamalo amodzi, kutentha kwa inzake kumafewetsa ili pakati, imayamba kupindika, kenaka imagwera pa ina. Mukachedwa pang'ono mumapeza moto umodzi waukulu m'bokosi lonse, pafupi ndi nsalu ndi zovala za anthu. Ndiye timachotsa amene anayamba kuyaka kuti obwera kumene apeze malo. Zotsalazo sititaya kudzala, timazisonkhanitsa n'kukazisungunula kuti zipangidwenso makandulo ena.

Pemphero lanu silinali m'kutalika kwa kanduloyo. Munapereka, munaiyatsa, munatchula dzina la mayi anu. Zinatha pomwepo.

Nachisale: Zikomo mayi. Ndinalira pobwerera, poganiza kuti mwina ndi chizindikiro choipa.

Mayi a Tadala: Ayi, si chizindikiro chilichonse. Nane amandidandaulira anthu a mumpingo momwe, ena mpaka amandigwira dzanja. Ndimawamvetsa, koma moto ndinauonapo kamodzi ndipo sindifuna kuuonanso.

Nambewe: Ine ndine Mkatolika koma ndikuona ngati zambiri n'zofanana. Mukalowa mumaviika zala m'madzi odalitsidwa pakhomo, mumachita chizindikiro cha mtanda, mumagwada bondo limodzi kuyang'ana ku guwa, basi mwatha. Kandulo muike paliponse pali malo.

Bambo Mwale: Anambewe, pang'ono mwalondola koma zinthu zitatu ndikonzeko. Ine ndine wowerenga mumpingo wa Othodokisi, ndiye zimenezi ndimakhala nazo sabata ndi sabata.

Choyamba, pakhomo pathu simupeza kabeseni koviikamo zala. Madzi odalitsidwa kwathu amakhala m'chotengera chotseka, nthawi zambiri chokhala ndi kampopi, ndipo ndi akumwa. Mukapisamo zala mwaipitsa madzi amene ena amwe. Chachiwiri, kugwada bondo limodzi si mwambo wathu, ife timawerama kuchokera m'chiuno, ena mpaka dzanja lamanja likhudze pansi. Koma mlendo akagwada bondo limodzi palibe amene angamudzudzule.

Chachitatu ndiye chofunika kwa a Nachisale. Malo oikapo kandulo si onse ofanana. M'matchalitchi a mwambo wa Chigiriki nthawi zambiri pamakhala bokosi lamchenga pafupi ndi khomo, ndipo m'malo ambiri mumaikamo za amoyo ndi za omwalira momwemo. Koma m'matchalitchi a mwambo wa Chirasha mupeza zoikapo ziwiri zosiyana. Zozungulira, zoima patsogolo pa maikoni, zithunzi zopatulika zija, ndi za amoyo. Ndiye pali tebulo la makona anayi, lokhala ndi mtanda wa Yesu wopachikidwa pamwamba pake, limenelo ndi lokumbukira omwalira. Munthu wopempherera wodwala akaika pamenepo, Mulungu sasokonezeka, amadziwa amene mukumutchula. Koma ndaonapo munthu atazindikira pambuyo pake n'kuvutika mumtima masiku ambiri. Ndiye yang'anani kaye: ngati ndi tebulo la makona anayi la mtanda, pitirirani.

Nachisale: Langa linali bokosi lamchenga lozungulira, pakhomo penipeni.

Bambo Mwale: Ndiye munaika pamalo pake. Ulendo wina muyatsire pa kandulo ina imene ikuyaka kale, osati machesi. Ngati choikapocho n'chachitsulo chokhala ndi timabowo, muyambe mwatenthetsa kunsi kwa kandulo pamoto kuti phula lifewe, ndiye muikanikize, imaima njii. Ndipo nthawi yabwino ndi mapemphero asanayambe. Mukafika mochedwa, musamayende kukayatsa pamene akuwerenga Uthenga Wabwino, pamene ansembe akuzungulira ndi buku kapena ndi mphatso za paguwa, pa ulaliki, kapena pa pemphero lalikulu lodalitsa mkate ndi vinyo. Mukaona aliyense waima chete, inunso imani pomwe mulipo.

Chisomo: Musaiwale kuvula nsapato! Ine ndinapitako anandibweza pakhomo chifukwa cha nsapato. Komanso amayi mbali yawo, abambo mbali yawo.

Bambo Mwale: Achimwene, munapita ku tchalitchi chiti?

Chisomo: Cha anthu a ku Itiyopiya. Chinalembedwa Othodokisi pachikwangwani.

Bambo Mwale: Ndinaganiza choncho. Dzina ndi limodzi koma mabanja ndi awiri. Aitiyopiya, Akoputiki a ku Iguputo, Aameniya ndi ena anasiyana ndi Agiriki pambuyo pa msonkhano wa ku Kalikedoni mu 451. Aitiyopiya amavuladi nsapato polowa. Agiriki, Arasha, Aseribiya, Aromaniya savula. A Nachisale afunse mlamu wawo kuti ndi mbali iti, koma bokosi lamchenga pakhomo likundiuza kuti ndi mwambo wa Chigiriki.

Gama: Ndawerenga zonse koma palibe amene wakhudza nkhani yeniyeni. Achemwali anati zithunzi anazidutsa osapsompsona, ndipo ine ndikuti anachita bwino. Eksodo 20 ndime 4 ndi 5 akunena poyera: usadzipangire chifaniziro, usachigwadire. Munthu akuwerama pamaso pa thabwa lopakidwa utoto, akulipsompsona, akuliyatsira nyale, akulifukizira lubani. Ngati kumeneko si kupembedza, ndiye kupembedza n'chiyani? Sindikunyoza, ndikufunsa ndi mtima wonse, chifukwa nanenso ndili ndi abale kumeneko.

Nambewe: N'chimodzimodzi kupsompsona chithunzi cha mayi ako amene anamwalira. Supembedza pepalalo.

Gama: Koma chithunzi cha mayi anga sindichifukizira lubani, sindichipempha kanthu.

Bambo Mwale: A Gama, funso lanu ndi lolemera ndipo si lachilendo. Mpingo unakangana nalo zaka zoposa 100, mpaka anthu anafa. Kuyambira m'zaka za m'ma 720, mfumu Leo wachitatu wa ku Konstantinopo anayamba kulimbana ndi maikoni, ndipo amene ankawaphwanya ankatchula ndime yomweyi mwatchulayi. Chitsanzo cha a Nambewe n'chothandiza koma mwaona nokha kuti sichikwanira.

Yankho limene Yohane wa ku Damasiko, mphunzitsi wa mpingo wa nthawi imeneyo, anapereka linayambira pa Deuteronomo 4, pamene Mose akuuza anthu chifukwa cha lamulolo: pa Horebu simunaone maonekedwe aliwonse, choncho musajambule chimene simunachione. Ndiye Yohane anati, pamene Mawu anasandulika thupi, anthu anamuona, anamukhudza, anadya naye. Amene ali ndi nkhope angathe kujambulidwa. Kwa ife, kukana kuti Khristu angajambulidwe kumayandikira kukana kuti anakhaladi munthu. Mfundo yonse yagona pamenepo, osati pa kukongola kwa zithunzi.

Msonkhano wa mabishopu wa ku Nikeya mu 787, umene timauwerenga wachisanu ndi chiwiri mwa misonkhano ikuluikulu, unasiyanitsa zinthu ziwiri. Kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo wopereka kumeneko kwa ikoni wachimwa. Ulemu ndi wina, ndipo ulemu wopatsidwa chithunzi umapitirira kwa mwini chithunzicho, mawu amene anawatenga kwa bishopu wakale Basili Wamkulu. Msonkhano womwewo unatchula lubani ndi nyale kuti n'zololedwa pamaso pa maikoni, monga zimachitikira pamaso pa mtanda ndi buku la Uthenga Wabwino. Mkangano unabukanso, ndipo unatha mu 843 pansi pa mfumukazi Teodora. Mpaka lero Lamulungu loyamba la Lenti timazungulira titanyamula maikoni pokumbukira zimenezo.

Gama: Zakale mwazifotokoza bwino, zikomo. Koma mabishopu angathe kusiyanitsa mawu awiri papepala. Gogo amene akupsompsona thabwa lija akusiyanitsanso mumtima mwake? Njoka yamkuwa ya Mose inapangidwa mwa lamulo la Mulungu, koma anthu atayamba kuifukizira, Hezekiya anaiphwanya. Zili pa 2 Mafumu 18 ndime 4.

Bambo Mwale: Pamenepo sindikutsutsani. Ngoziyo ilipo, ndipo ansembe abwino amaichenjeza. Ndinamvapo anthu akunena kuti ikoni yakuti ndi yamphamvu kuposa ina, ngati mphamvuyo ili m'thabwa, ndipo zimenezo si chiphunzitso chathu. Koma mtima wa gogoyo sindingauone, ndipo inunso simungauone. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu yemweyo analamula akerubi awiri agolide pamwamba pa likasa, machaputala asanu okha pambuyo pa lamulo mwatchulalo.

Gama: Akerubi aja palibe ankawapsompsona. Ine ndikhalabe pomwe ndili, koma ndamva mbali yanu bwino kuposa kale.

Mayi a Tadala: Kwa a Nachisale nkhaniyi ndi yosavuta kuposa momwe abambowa akuitengera. Palibe amene amayembekezera mlendo kupsompsona ikoni. Mukadutsa mwakachetechete simunalakwe. Choipa ndi kuchita chinthu chimene chikumbumtima chanu chikukana, pongofuna kufanana ndi anthu. Chimene timapempha n'chochepa: musatsamire pa ikoni, musaike chikwama kapena foni pa kathebulo kopendekeka kamene kali pakati pa tchalitchi, musaime pocheza mutaifulatira pafupi pomwepo, ndipo musagwire utoto wake ndi zala pofuna kuona ngati ndi weniweni. Thukuta la m'manja limadetsa golide ndi utoto, ndipo sizichoka.

Nachisale: Ine sindili ngati a Gama kwenikweni. Ya Ambuye Yesu ndikanafuna kuipatsa ulemu, koma ndinaopa kulakwitsa. Amachita bwanji?

Mayi a Tadala: Mumaima kumbuyo kwa amene ali patsogolo panu, osathamanga. Mukafika, mumachita chizindikiro cha mtanda n'kuwerama, kawiri. Ndiye mumapsompsona, n'kubwerera pang'ono, mtanda ndi kuwerama kachitatu, n'kupatuka kuti wina afike. Anthu akachuluka ambiri amangochita mtanda kamodzi. Malo opsompsona ndiwo amene alendo amalakwitsa: osati pankhope. Pa ikoni ya Ambuye mupsompsone dzanja kapena phazi, kapena buku limene wanyamula. Pa ya Mayi Mariya, dzanja lawo kapena phazi la Mwana. Ngati ikoniyo ndi ya mutu wokha, mupsompsone tsitsi kapena m'mphepete.

Ndipo chonde achemwali, mupukute milomo musanafike. Lipisitiki pagalasi ndimapukuta ine ndi kansalu, imachoka, ngakhale kuti wobwera pambuyo panu amaipeza kaye. Koma maikoni ena alibe galasi, ndipo mafuta a lipisitiki amalowa mu utoto. Tili ndi ina kwathu dzanja lake linasanduka lofiirira mpaka lero. Ngati muli ndi chimfine, kapena simukufuna kuika milomo pamene ena aikapo, ingoweramani, kapena gunditsani chipumi pang'ono m'mphepete. N'zokwanira.

Nambewe: Mtandawo ndi womwewu wathu eti? Chipumi, chifuwa, phewa lamanzere, lamanja.

Bambo Mwale: Mapewa ndi mosemphana, ife timayamba lamanja kenaka lamanzere. Zala zitatu, chachikulu ndi ziwiri zotsatira, timaziphatikiza pamodzi pokumbukira Utatu Woyera, ndipo ziwiri zotsalazo timazipindira m'chikhatho, kutanthauza kuti Khristu ndi Mulungu ndiponso munthu. Koma inu mukabwera chitani monga munazolowera, si mlandu.

Tibwerere ku lubani, chifukwa a Nachisale anafunsa ndipo tawasiya m'malere. Wansembe sanakulozeni chifukwa ndinu mlendo. Amafukiza guwa, kenaka maikoni, kenaka anthu onse, ndipo chifukwa chake ndimachikonda kwambiri: munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo mawu amene Baibulo la Chigiriki limagwiritsa ntchito pa Genesis 1 ndime 26 ndi omwewo amene tinatengako liwu lakuti ikoni. Ndiye ulemu umene wapereka kwa oyera ojambulidwa pakhoma akuupereka kwa inunso, osafunsa kuti ndinu wa mpingo uti. Choyenera kuchita n'kungoweramitsa mutu pang'ono. Ambiri sachita n'komwe chizindikiro cha mtanda pamenepo. Ngati mwaima kukhoma ndipo mwamva timabelu ta chofukizira tikubwera, sunthirani mkati kuti adutse, chifukwa akufuna kufika pa maikoni amene ali kumbuyo kwanu, ndipo m'chofukiziramo muli khala lamoto.

Tanthauzo la utsiwo ndi pemphero lokwera kumwamba. Madzulo alionse timaimba Salimo 141 ndime 2, pemphero langa likhale ngati zofukiza pamaso panu, ndipo nthawi yomweyo dikoni kapena wansembe amazungulira tchalitchi chonse. M'mabuku athu salimoli ndi la 140, chifukwa timatsata kawerengedwe ka Chigiriki, ndiye musadabwe manambala akasiyana. A Gama, Chivumbulutso 8 ndime 3 ndi 4 mukuchidziwa.

Gama: Ndikuchidziwa. Za lubani kwa Mulungu ndilibe nazo vuto.

Nangozo: Pepani ndilowerere ndi yanga. Mwana wanga wa zaka 7 ali ndi mphumu. Tinapita ku ukwati wa Othodokisi chaka chatha, tinakhala kutsogolo chifukwa ndife achibale, ndipo pasanathe theka la ola anayamba kubanika mpaka tinatuluka. Utsi umenewu amati ndi wodalitsidwa, koma mwana anadwala. Ndiye tizingosiya kupita?

Bambo Mwale: Pepani mayi. Kudalitsidwa sikuuletsa kukhala utsi. Ndi utomoni wa mtengo, nthawi zambiri wosakaniza ndi mafuta onunkhira, ukupsa pa khala, ndipo chifuwa chofooka chimaumva. Ife oimba timatsokomola nawonso. Ulendo wina muime kumbuyo pafupi ndi khomo kapena zenera, mankhwala ake opopera akhale m'manja mwanu, ndipo mukaona akutenga chofukizira mutuluke naye kwa mphindi zingapo. Kutuluka ndi kulowa kwathu si chinthu chodabwitsa. Mungathenso kuuza wansembe pasadakhale. Ambiri amachepetsa lubani kapena kutsegula mazenera, koma kusiyiratu sangasiye.

Nangozo: Sindinadziwe kuti n'zotheka kuwauza. Koma ndikuopabe, chifukwa fungolo limakhalabe m'nyumbamo ngakhale asakufukiza.

Mayi a Tadala: Zimenezo n'zoona, limakhala mpaka m'nsalu. Mwana mukumudziwa ndinu. Ngati dokotala wake wanena kuti apewe, musamukakamize chifukwa cha chibale.

Nachisale: Funso lomaliza. Mlamu anandipatsa kabotolo ka madzi odalitsidwa kuti ndikapatse mayi. Ndakaika pawindo, sindikudziwa ngati n'koyenera kuti ife amene si a mpingowo timwe.

Bambo Mwale: Muwafunse kaye kuti ndi madzi ati, chifukwa alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a mdalitso waukulu, umene umachitika pa Teofaniya, chikondwerero cha ubatizo wa Ambuye mu Yorodano, pa 6 Januwale ndi dzulo lake. Mipingo yotsata kalendala yakale, monga ya ku Rasha, Seribiya ndi Yerusalemu, tsikulo limagwera pa 19 Januwale chifukwa makalendala awiriwo amasiyana masiku 13. Wansembe amamiza mtanda m'madzimo katatu, ndipo anthu amatunga osunga chaka chonse. Ena ndi a mdalitso waung'ono, umene ungachitike nthawi iliyonse, ndipo Agiriki ambiri amauchita tsiku loyamba la mwezi. Aang'onowa sindinamvepo wansembe akukaniza Mkhristu wa mpingo wina. Munthu amamwa pang'ono m'mawa asanadye kanthu, akupemphera, ndipo wodwala angamwe nthawi iliyonse. Aakuluwa Agiriki ena amawasamala kwambiri, amafuna kuti munthu ayambe wasala kudya.

Mayi a Tadala: Apa bambo ndisiyana nanu pang'ono. Wansembe wathu pa Teofaniya amawaza aliyense ndi kamtolo ka masamba a basili, alendo omwe, ndipo amawauza kuti atunge. Sanasiyanitsepo.

Bambo Mwale: Wathu wakale ankasiyanitsa pa kumwa, osati pa kuwaza. Ndiye zikutengera wansembe, afunse wa kumeneko. Chimene onse amagwirizana n'chakuti Mgonero Woyera ndi wa Aothodokisi okha, ndiye pa mzere wa chikho musalowe. Madzi si Mgonero.

Chisomo: Ndinamva kuti madzi amenewa saola ngakhale patapita zaka, ndipo amachiza matenda alionse.

Mayi a Tadala: Anga a chaka chatha akadali oyera mbee, ndipo ambiri timachitira umboni zimenezo. Koma ndinaonaponso a munthu wina atachita ndere chifukwa anawaika m'botolo losatsuka, n'kumamwera pakamwa pa botolo pomwepo. Ndiye achemwali, chotsani kabotoloko pawindo, dzuwa lisamakaombe. Kaikeni pamalo aukhondo, okwera, ndipo muzithira m'kapu pomwa. Akasintha fungo kapena mtundu musawapatse mayi. Musawathirenso mu sinki kapena m'chimbudzi, muwathire pa duwa la mumphika kapena patsinde pa mtengo, pamene anthu saponda. Za kuchiza, timamwa ndi pemphero, ndipo mankhwala a kuchipatala mayi apitirize osadumphitsa tsiku ngakhale limodzi.

Nachisale: Ndakachotsa pawindo. Mlamu wayankha kuti ndi a tsiku loyamba la mwezi uno. Mayi ndiwafotokozera zonse asankhe okha, chifukwa iwo maganizo awo ali pafupi ndi a Gama. Nanga zithunzi pa ubatizo, ndingajambule ndi foni?

Bambo Mwale: Pa ubatizo ansembe ambiri amalola, koma mupemphe kaye, ndipo muzimitse kuwala kwa foni. Pofuna malo abwino ojambulira musakwere pa kansanja ka kutsogolo kwa khoma la maikoni lotchinga guwa, musaime pakati pa zitseko zake zapakati, ndipo kuseri kwake musalowe ngakhale chitseko cham'mbali chili chotsegula. Mufikenso msanga, chifukwa mapemphero oyamba a ubatizo amachitikira kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo obwera mochedwa amapezeka adutsa pakati pa wansembe ndi mwana.

Nangozo: Pa ubatizo amafukizanso kwambiri ngati pa ukwati? Mng'ono wanga akuyembekezera, ndiye nkhaniyi indipezanso.

Mayi a Tadala: Amafukiza pozungulira beseni lobatiziramo, koma sizitenga nthawi. Funsani ngati ubatizowo uli pawokha kapena ukutsatana ndi mapemphero a Lamulungu, chifukwa ukatsatana mupeza utsi wa m'mawa wonse udakali m'katimo.